Mafunso ndi mayankho: kugawa mndandanda wautali m'masamba popanda kulemetsa databesi ndi OFFSET

Mafunso awa ndi amene anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Chipata amandifunsa kawirikawiri, makamaka nyengo yogula mbewu ikafika pachimake, pulogalamu imene inkathamanga mu Febuluwale ikayamba kukwawa mu Julayi. Ndiyankha onse ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mwalembera pulogalamu kampani yogula soya, mtedza ndi chimanga, yokhala ndi madepoti ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi. Thumba lililonse likakwera pa sikelo, kalaliki amalemba lisiti, ndipo tebulo la `malisiti` lafika mizere 2,000,000. Pa tsamba limodzi mumaonetsa malisiti 50, atsopano pamwamba. Malamulo amene ndalemba ndi a PostgreSQL, ndipo pamene databesi ina ikusiyana ndinena.

Masamba oyamba amatseguka msanga, koma akutali amachedwa. Chikuchitika n'chiyani?

Ambiri tinaphunzira kulemba chonchi:

```sql
SELECT id, nthawi, mlimi_id, makilo
FROM malisiti
ORDER BY nthawi DESC, id DESC
LIMIT 50 OFFSET 199950;
```

Limeneli ndi tsamba la nambala 4,000. Tikaona `OFFSET 199950` timaganiza kuti databesi idumpha n'kukatera pa mzere wa 199,951. Sidumpha ayi. Imayambira pamwamba, kutenga mzere woyamba, kuuwerenga, kuutaya, kutenga wachiwiri, kuutaya, mpaka itataya mizere 199,950. Ikatero m'pamene imasunga 50 yotsatirayo. Yagwira mizere 200,000 kuti ikupatseni 50.

Zili ngati kapitawo wa pa depoti amene mwamuuza kuti akupatseni thumba la nambala 800 pa mulu wopanda zizindikiro. Alibe njira ina, ayenera kuwerenga kuchokera pa thumba loyamba. Mukamufunsanso la 801, ayambiranso pa loyamba lomwe lija. Tsamba 1 limagwira mizere 50, tsamba 100 mizere 5,000, tsamba lomaliza mizere yonse 2,000,000. Ntchito imakula molingana ndi kutalika kwa tsamba.

Koma ndili ndi indeksi pa `nthawi`. Bwanji sikuthandiza?

Ikuthandiza, koma pa chinthu china. Indeksi imapulumutsa databesi ku ntchito yosanja, chifukwa mizere ili kale mu dongosolo lake. Chimene indeksi wamba ya mtundu wa `btree` imadziwa bwino ndi kupeza mtengo umene mwautchula. Mukati "ndipezere lisiti la pa 14 Julayi nthawi ya 10:42", imatsika masitepe atatu kapena anayi n'kufika. Koma sisunga kuti mzere wakuti ndi wa nambala zingati pa mndandanda, choncho funso loti "ndipatse wa nambala 199,951" ilibe poligwira. Iyenera kuyenda pa indeksi mzere ndi mzere, ndipo nthawi zambiri imapitanso ku tebulo lenileni kukaona mzere uliwonse, ngakhale umene ikufuna kuutaya.

Ndingatsimikize bwanji kuti vuto langa ndi limeneli, osati netiweki?

Funso labwino, chifukwa kwathu kuno kalaliki wa ku Chadiza akadandaula kuti tsamba likuchedwa, tonse timathamangira kunena netiweki. Tengani funso la SQL lija, muike `EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS)` patsogolo pake, muliyendetse kawiri: koyamba ndi `OFFSET 0`, kachiwiri ndi `OFFSET 199950`. Yang'anani manambala a `rows` a mbali ya `actual`. Pa mzere wa `Limit` muona `rows=50`, koma pa mzere wa pansi pake, wa `Index Scan`, muona `rows=200000`. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiyo ntchito yotayika. Nthawi zina muona zoipa kuposa apa: databesi yasiya indeksi, yachita `Seq Scan` pa tebulo lonse kenako `Sort`, ndipo ngati palembedwa `external merge`, ndiye kuti kusanjako sikunakwane mu memore, kwatayikira pa disiki.

Netiweki ikavuta, masamba onse amachedwa mofanana. `OFFSET` ikavuta, tsamba 2 limathamanga pamene tsamba 3,000 likukwawa, pa foni yomweyo ndi pamalo pomwepo.

Ndani amafika pa tsamba 4,000? Anthu anga amathera pa tsamba 3.

Munthu safikako kawirikawiri, koma makina amafika. Batani loti "Tsamba lomaliza" limafikako ndi kudina kumodzi. Ngati mndandanda uli poyera, maloboti a makina ofufuzira pa intaneti amatsata ulalo uliwonse mpaka kumapeto. Choopsa kwambiri ndi kapulogalamu kamene munalemba nokha kotulutsa malisiti onse kuti a maakaunti aike mu Excel, kamene kamayenda tsamba ndi tsamba. Tiwerengere limodzi. Masamba ndi 40,000. Loyamba ligwira mizere 50, lachiwiri 100, lachitatu 150, mpaka lomaliza 2,000,000. Mukaphatikiza zonse, databesi yagwira mizere yopitirira pang'ono mabiliyoni 40 kuti itulutse mamiliyoni awiri. Nthawi yonseyo makalaliki a m'madepoti akudikira seva yomweyo, alimi ali pa mzere padzuwa ndi ngolo zawo.

Kodi vuto la OFFSET ndi kuchedwa kokha?

Ayi, ndipo vuto lachiwirili limandidetsa nkhawa kuposa loyamba chifukwa limakhudza ndalama. Mayi wa maakaunti atsegula tsamba 1, akuona malisiti 50. Pamene akuwerenga, madepoti alowetsa malisiti 7 atsopano, ndipo onse akhala pamwamba. Akadina tsamba 2, databesi itaya mizere 50 yoyamba ya mndandanda wa tsopano, umene wasuntha ndi malo 7. Malisiti 7 akumunsi kwa tsamba 1 aonekanso pamwamba pa tsamba 2. Ngati akulemba pambali zoti alipire, mlimi wina walembedwa kawiri. Zikachitika mosemphana, wina n'kufufuta malisiti 7 a pa tsamba 1, mndandanda umakwera m'mwamba, ndipo malisiti 7 amadumphidwa osaonekera pa tsamba lililonse. Palibe uthenga wa cholakwika umene umatuluka. Mumadzamva mlimi akabwera kudzafunsa ndalama zake.

Nanga njira ina ndi iti?

Musamauze databesi kuti idumphe mizere ingati. Muziiuza pamene munalekezera. Pofufuza pa intaneti dzina lake ndi `keyset pagination`, ena amati `seek method` kapena `cursor pagination`. Ine ndimati njira ya chikhomo, chifukwa zili ngati munthu wopalira munda waukulu: dzuwa likalowa amakhoma chikhomo pamene wasiyira, mawa sawerenganso mizere kuchokera kumsewu, amangopita pa chikhomo n'kupitiriza.

Tsamba loyamba silisowa chikhomo:

```sql
SELECT id, nthawi, mlimi_id, makilo
FROM malisiti
ORDER BY nthawi DESC, id DESC
LIMIT 51;
```

Mwapempha 51 dala. Muonetsa 50, ndipo wa 51 ntchito yake ndi kukuuzani kuti kutsogolo kudakali tsamba lina. Akabwera 50 kapena ochepera, zimitsani batani la "Lotsatira". Tsopano yang'anani mzere wa 50, womaliza umene munthu wauona. Tinene kuti `nthawi` yake ndi `2024-07-14 10:42:07.123456+02` ndipo `id` yake ndi `1873204`. Ziwirizi ndizo chikhomo chanu. Tsamba lotsatira likhala chonchi:

```sql
SELECT id, nthawi, mlimi_id, makilo
FROM malisiti
WHERE (nthawi, id) < ('2024-07-14 10:42:07.123456+02', 1873204)
ORDER BY nthawi DESC, id DESC
LIMIT 51;
```

Mabulaketi a mu `WHERE` akutanthauza kuti: ndipatse mizere imene nthawi yake ndi yakale kuposa iyi, ndipo ngati nthawi ikufanana, imene `id` yake ndi yochepa kuposa iyi. Ili ndi funso limene indeksi imalikonda, chifukwa mwaitchulira mtengo. Imatsika molunjika pa chikhomo, kuwerenga mizere 51, n'kuima. Tsamba 2 ndi tsamba 40,000 ntchito yake ndi imodzimodzi. Kapulogalamu ka a maakaunti kaja tsopano kagwira mizere pafupifupi mamiliyoni awiri basi, osati mabiliyoni 40. Ndipo malisiti atsopano akalowa pamwamba, chikhomo sichisuntha, choncho palibe kubwereza kapena kudumpha chifukwa cha kusuntha kwa mndandanda.

Mu pulogalamu yeniyeni musamate mitengoyo mu SQL ndi manja. Ipititseni ngati maparamita, `$1` ndi `$2`.

Bwanji osangogwiritsa `nthawi` yokha? `id` ikufunikiranji?

Chifukwa malisiti awiri akhoza kukhala ndi nthawi yofanana, ndipo kwathu kuno zimachitika kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Kalaliki wa kudera kumene netiweki imavuta amalemba malisiti pa foni tsiku lonse, madzulo akapeza netiweki amatumiza onse 80 pakamodzi. Ngati kolamu ya `nthawi` imadzazidwa ndi `now()`, dziwani kuti mu PostgreSQL `now()` imapereka nthawi imene thiranzakishoni inayamba, osati nthawi ya mzere uliwonse. Malisiti 80 onsewo akhala ndi nthawi imodzi ndendende.

Tsopano tinene kuti tsamba lathera pakati pa gululi, 50 aoneka, 30 atsala. Mukalemba `WHERE nthawi < $1`, 30 aja adumphidwa onse, chifukwa nthawi yawo si yochepa, ndi yofanana. Mukalemba `<=`, tsamba lotsatira liyambiranso pamwamba pa gulu lomwelo, ndipo popeza gululo ndi lalikulu kuposa tsamba, simudzatulukamo. `id` ndiyo imadula mlandu. Lamulo lake ndi ili: kolamu yomaliza mu `ORDER BY` ikhale yosabwereza, ndipo makolamu onse a mu `ORDER BY` akhale mu chikhomo, mu dongosolo lomwelo.

Ngati mndandanda wanu umangofuna "atsopano pamwamba" ndipo `id` ndi nambala yokwera yokha, `WHERE id < $1 ORDER BY id DESC` ikukwanirani, musadzivutitse. Koma ngati `id` ndi UUID ya mtundu 4, ilibe dongosolo la nthawi. Imathandiza kudula mlandu wa ofanana, koma singakhale yosanjira yokha.

Ndipange indeksi yotani?

Yofanana ndi `ORDER BY` yanu:

```sql
CREATE INDEX CONCURRENTLY malisiti_nthawi_id
ON malisiti (nthawi DESC, id DESC);
```

Mawu oti `CONCURRENTLY` amalola makalaliki kupitiriza kulemba pamene indeksi ikumangidwa. Popanda mawuwa, kulemba mu tebulo kumaima mpaka kumanga kuthe, ndipo simukufuna zimenezo Lolemba m'mawa mu Julayi.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa zosefera. Manejala wa ku Katete amaona malisiti a depoti yake yokha, ndiye funso lili ndi `WHERE depoti_id = 3` pamwamba pa chikhomo. Ndi indeksi ya pamwambayi, databesi iyenda mu dongosolo la nthawi n'kumataya malisiti a madepoti ena mpaka itapeza 51 a ku Katete. Kwa depoti yaikulu sizioneka. Kwa kadepoti kamene kamagula matumba ochepa, idzataya mizere masauzande pa tsamba lililonse. Mankhwala ake ndi kuika kolamu yofananitsa patsogolo: `(depoti_id, nthawi DESC, id DESC)`. Mukatero bwererani ku `EXPLAIN`. Chikhomo chanu chioneke pa mzere wa `Index Cond`. Chikaoneka pa `Filter`, ndipo pansi pake pali `Rows Removed by Filter` ndi nambala yaikulu, ndiye kuti mwangosintha kalembedwe, ntchito yotaya mizere idakalipo.

Ine ndili pa MySQL. Zigwira?

Njirayo igwira pa databesi iliyonse yokhala ndi indeksi, koma kalembedwe ka mabulaketi kaja sikayenda mofanana konse. PostgreSQL imakamva bwino, SQLite inayamba kukalandira pa 3.15. SQL Server sikalandira n'komwe. MySQL imakalandira, koma musaganize kuti igwiritsa indeksi mmene mukufunira musanaone `EXPLAIN`. Kalembedwe kotambasula aka n'kodalirika:

```sql
WHERE nthawi <= ?
  AND (nthawi < ? OR id < ?)
ORDER BY nthawi DESC, id DESC
LIMIT 51
```

Mzere woyamba ndi umene umapatsa indeksi poyambira. Wachiwiri umangochotsa mizere yochepa ya nthawi yofanana imene munaonetsa kale.

Chikhomocho ndichisunge kuti?

Musachisunge pa seva. Chitumizeni kwa brauza pamodzi ndi tsamba, chibwerenso mu ulalo wa batani la "Lotsatira", mwachitsanzo `/malisiti?pambuyo=...`. Ambiri amamanga nthawi ndi `id` pamodzi n'kuzikulunga ndi base64 kuti zikhale chingwe chimodzi. Ndi bwino, koma base64 si loko, aliyense akhoza kumasula n'kusintha. Choncho chilolezo cha munthu chisachokere mu chikhomo. `depoti_id` ya manejala wa ku Katete ichokere pa akaunti imene walowera, osati mu ulalo. Komanso munthu akasintha chosefera kapena kasanjidwe, tayani chikhomo chakale muyambire pamwamba.

Pano pali msampha umene unandigwira ine ndemwe, ndipo ndinataya masiku awiri ndikuufufuza. PostgreSQL imasunga nthawi mpaka manambala 6 pambuyo pa kadontho ka sekondi. `Date` ya JavaScript imasunga atatu okha. Laibulale ya `pg` ya Node.js imasandutsa nthawi kukhala `Date` yokha musanaipemphe. Ndiye `07.123456` inkafika mu chikhomo changa ili `07.123`. Kumbukirani gulu la malisiti 80 lija. Otsala 30 nthawi yawo ndi `07.123456`, imene ndi yaikulu kuposa `07.123`, choncho funso loti "ochepera chikhomo" linkawasiya onse. Poyesa pa kompyuta yanga zonse zinkaoneka bwino, chifukwa malisiti anga oyesera anali otalikirana nthawi. Zinaululika pamene chiwerengero cha makilo a pa masamba chinakana kugwirizana ndi `SUM` ya mu databesi. Kukonza kwake n'kosavuta: tengani nthawi ya chikhomo ngati mawu, `nthawi::text AS nthawi_ya_chikhomo`, muibweze mmene ilili osaidutsitsa mu `Date`. Ndipo poyesa, pangani dala mizere yambiri ya nthawi imodzi yoposa kukula kwa tsamba, muyende masamba onse, muwerenge ngati `id` iliyonse yaoneka kamodzi kokha.

Batani la "Lam'mbuyo" ligwira bwanji?

Mutembenuza zonse. Tengani mzere woyamba wa tsamba limene munthu alipo ngati chikhomo, musinthe `<` akhale `>`, musinthe `DESC` akhale `ASC` pa makolamu onse awiri, `LIMIT` ikhale yomweyo. Mizere ibwera chadodolido, wakale pamwamba, ndiye muitembenuze mu pulogalamu musanaionetse. Indeksi yachiwiri siifunika, chifukwa `btree` imawerengeka mbali zonse ziwiri. Tsamba lomaliza nalonso ndi lotchipa tsopano: ndi funso la `ASC` lopanda chikhomo.

Abwana akufuna manambala a masamba, komanso mawu oti "tsamba 37 mwa 40,000". Ndiwauze chiyani?

Auzeni zoona: njira ya chikhomo singadumphire pa tsamba 37 mwachindunji, chifukwa chikhomo cha tsamba 37 chimadziwika mukafika pa 36. Apa ndiye pamene imaperewera, ndipo palibe chifukwa chobisira.

Koma musanagonje, khalani nawo pansi muwafunse chimene amafuna akamadumphira kutali. Sindinakumanepo ndi munthu amene amafunadi tsamba 37. Amafuna malisiti a sabata yatha, kapena a tsiku limene lole inanyamula soya ku Lundazi, ndipo amangoyerekeza kuti ali chapakati penapake. Apatseni bokosi losankhira tsiku. Tsikulo limasanduka poyambira, `WHERE nthawi < '2024-06-21'`, ndipo afika pomwepo ndi kudina kumodzi, kusiyana ndi kusakasaka masamba asanu.

Nambala ya "mwa 40,000" nayo ili ndi mtengo wake. Imachokera ku `COUNT(*)`, ndipo PostgreSQL sisunga chiwerengero chokonzeka, imawerenga mizere nthawi iliyonse mukafunsa. Ndaonapo anthu atachotsa `OFFSET` bwinobwino koma tsamba likuchedwabe, chifukwa `COUNT(*)` inatsala ikuyenda pa kudina kulikonse. Ngati chiwerengero chongoyerekeza cha tebulo lonse chikukwana, chilipo chaulere:

```sql
SELECT reltuples::bigint FROM pg_class WHERE relname = 'malisiti';
```

Nambalayi imakonzedwa pamene `ANALYZE` kapena `VACUUM` yayenda, choncho lembani "pafupifupi" patsogolo pake, ndipo siidziwa za zosefera zanu. Ngati akufuna chiwerengero chenicheni cha depoti imodzi pa tsiku limodzi, chimenecho n'chaching'ono, werengani ndithu.

Nanga munthu akafuna kusanja ndi makilo, kapena ndi tsiku lolipira?

Kasanjidwe kalikonse kamafuna chikhomo chake ndi indeksi yake: `(makilo, id)`, `(tsiku_lolipira, id)`. N'chifukwa chake sindilola kuti mutu uliwonse wa kolamu udinidwe pa tebulo lalikulu. Ndimasankha awiri kapena atatu amene anthu amagwiritsadi ntchito, popeza indeksi iliyonse yowonjezera imachedwetsa kulemba ndipo imadya malo.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi `NULL`. Lisiti losalipidwa lilibe tsiku lolipira, ndipo mu SQL kufananitsa chilichonse ndi `NULL` sikupereka "inde". Mizere yotere imasowa mwakachetechete pa masamba a chikhomo, ndipo ndi malisiti a alimi amene sanalandire ndalama, amene mumafunitsitsa kuwaona. Njira yoyera ndi kuwapatula: osalipidwa akhale ndi mndandanda wawo wa `WHERE tsiku_lolipira IS NULL` wosanjidwa ndi `nthawi`, olipidwa akhale ndi wawo. Chachiwiri ndi kusakaniza mbali, monga makilo kutsika koma `id` kukwera. Mabulaketi aja amagwira pokhapokha makolamu onse akulowera mbali imodzi. Ngati palibe chokukakamizani, alozeni mbali imodzi.

Dziwaninso kuti chikhomo chimakhazikika bwino pa kolamu yosasintha. Kalaliki akakonza makilo a lisiti pamene wina akuyenda m'masamba osanjidwa ndi makilo, lisitilo likhoza kuwoloka chikhomo, n'kuoneka kawiri kapena osaoneka. Pa kungoyang'ana, zimenezi n'zopiririka. Pa lipoti la malipiro, sanjani ndi `id`, ndipo muike malire a tsiku limene latsekedwa kale.

Ndiye ndichotse OFFSET paliponse mu pulogalamu yanga?

Ayi. Tebulo la madepoti lili ndi mizere 12, la ogwira ntchito mwina 200, la mitundu ya mbewu silidzafika n'komwe pa tsamba lachitatu. Pamenepo `OFFSET` ndi yosavuta, imapereka manambala a masamba, ndipo palibe amene adzamve kuchedwa. Isiyeni. Yambani ndi tebulo limene limakula tsiku lililonse ndipo anthu amalembamo pamene ena akuwerenga, monga malisiti, malipiro a pa foni ndi mbiri ya mauthenga. Pa matebulo amenewo, kapulogalamu kotulutsa zonse kaja ndiko koyamba kukonza. Ngati simungasinthe maonekedwe a tsamba sabata ino, ikani malire akuti `OFFSET` isapitirire tsamba 100, wofuna zakale asankhe tsiku, kenako musinthe bwinobwino nyengo yogula ikatha.